Nsodzi amene ankaona linthumbu: mmene ndinasanjira zolemba zanga

Bambowa anafika Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa, mwezi wa Julaye, mwera utavuta panyanja sabata yonse. Ndi nsodzi wa zaka 43 wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Dzina, mudzi ndi zina zowazindikiritsa ndazisiya kapena kuzisintha. Anabwera ndi akazi awo komanso achimwene awo aakulu, manja atamangidwa ndi chitenje. Ine ndine kiliniko ofesa wa matenda a maganizo, ndipo tsiku limenelo pabenchi panja panali podzaza, choncho kucheza kwathu koyamba sikunapitirire mphindi 20.

Pocheza ndi wodwala wosakhazikika sindilemba mwadongosolo. Maso akakhala papepala, zambiri zimandidutsa. Ndimangokhwatcha timizere tifupitifupi mmene zinthu zikubwerera, kusanja ndimachita pambuyo. M'fayilo timalemba m'Chingerezi, koma pano ndaika zonse m'Chichewa. Manambala ndinawonjezera nditakhala pansi.

1. Manja omangidwa, ndati awamasule
2. Usiku uwiri osagona, kufuula
3. Malaya otembenuza, matope m'miyendo, thukuta
4. "Akundifuna anyamata a bwato lija"
5. Manja akunjenjemera
6. Kusuzumira pansi pa benchi, kukutumula buluku
7. Dzulo usiku anathawira m'bango
8. Waukali, wosamva
9. "Mtima uli m'mwamba"
10. Funso limodzi mpaka katatu
11. Analodzedwa ndi mnzake chifukwa cha ukonde
12. Injini, maliro a amalume, mtengo wa usipa, osamaliza
13. "Linthumbu ili simukuliona? Ndikulimva"
14. Sanadwalepo chonchi
15. Amamwa "pang'ono"
16. Wandiitana "abusa"
17. "Sindikudwala, mungondichotsera zinthuzi"
18. Kunong'ona, kenaka kufuula
19. M'mawa anali bwino, anamwa phala
20. Wadumpha ataona chingwe cha makina a BP

Ndikamaliza mzere wa 20, mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi saikosisi, kusokonekera kumene munthu amaona ndi kukhulupirira zomwe palibe. Ndinkaganiza za jakisoni wa kolopromazini, mankhwala a saikosisi, kuwagoneka, ndipo akapanda kusintha, kalata yopita ku wodi ya matenda a maganizo ya ku Bwaila ku Lilongwe. Namwino anapita nawo kuchipinda china, ine ndinatsala ndi pepala kuti ndilembe gawo lija timalifupikitsa kuti MSE, lounika mmene maganizo a wodwala alili panthawi imene mukumuona.

Wanena ndani?

Ndisanatsegule mutu uliwonse wa MSE, ndimayamba ndafunsa mzere uliwonse funso limodzi: izi ndaziona kapena kuzimva ndekha m'chipinda muno, kapena wandiuza ndi gadiyani? MSE ili ngati kupima kutentha kwa thupi. Imanena za lero, ola lino. Zimene zinachitika kumudzi ndi mbiri ya matenda, ndipo malo ake ndi ena m'fayilo.

Mizere 2, 7, 14 ndi 19 inachoka nthawi yomweyo. Kusagona ananena ndi mayi akunyumba, kuthawira m'bango ananena ndi achimwene awo. Mzere 15, wa mowa, nawonso ndi mbiri, ndipo ndinalemba pambali pake kuti anayankha ndi achimwene, mayi ali chete kuyang'ana pansi. Matope a m'miyendo anakhala mu MSE chifukwa ndinawaona, ngakhale kuti bango limene anachokera lili m'mbiri. Anzathu ongoyamba kumene amasakaniza ziwirizi kawirikawiri, ndipo kuipa kwake kumaoneka sabata yotsatira. Wina akawerenga kuti "amafuula ndi kuthawa" pansi pa mutu wa khalidwe, sadziwa ngati wodwala anafuula pamaso pa dokotala kapena ndi nkhani ya kumudzi, ndiye sangathe kuyerekeza ndi zimene akuona iye.

Mzere 8 ndi umene unandichititsa manyazi. "Waukali, wosamva." Ndinadzifunsa kuti ndaona chiyani kwenikweni. Bambowa sanamenye munthu, sanatukwane, sanaopseze. Ananyamuka pampando kanayi, ndipo achimwene awo atawagwira paphewa anakankha dzanja. Basi. Mawu oti "waukali" ndinawatola pa chitenje chija ndi pa nkhope za amene anabwera nawo. "Wosamva" ndiye kunali kudandaula kwanga chabe, poti mafunso anga sankayankhidwa. Ndinaufufuta mzerewo n'kulemba zimene zinachitika. Mawu oti "waukali" akalowa m'fayilo samatulukamo. Wodwala amadzamangidwa pabedi ndi anthu amene sanamuonepo akuchita kanthu.

Mitu isanu ndi itatu

Mabuku amasiyana pang'ono pa kagawidwe, koma ine ndimatsata mitu iyi motsatana chomwechi: maonekedwe ndi khalidwe, kalankhulidwe, mmene akumvera mumtima ndi mmene zikuonekera kunja, kayendedwe ka maganizo, zomwe zili m'maganizo, zomwe akuona ndi kumva, kutsitsimuka ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndipo pomaliza kuzindikira kuti akudwala pamodzi ndi kasankhidwe ka zochita. Ndondomekoyi imayambira pa zimene mungaone wodwala asanatsegule pakamwa, n'kumalowa mkati pang'onopang'ono.

Mutu woyamba sunavute. Munalowa mizere 1, 3, 5 ndi 6, komanso zotsala za mzere 8. Ndingonena kuti thukuta ndi kunjenjemera zitakhala pamzere umodzi, m'mwezi wozizira ngati Julaye, zinayamba kundiuza kanthu kamene sizinkanena zili zotalikirana papepala loyamba.

Kalankhulidwe ndi kayendedwe ka maganizo zimasokoneza ambiri chifukwa zonse timazipeza pomvetsera. Njira imene ndimaphunzitsa ndi iyi. Tayerekezani kuti wodwala akulankhula chinenero chimene simuchimva, ndipo muli kuseri kwa chitseko. Zimene mungathe kufotokozabe, monga kukwera kwa mawu, liwiro, kuchuluka kwake, kaya akudukiza, n'za kalankhulidwe. Mzere 18 unapita kumeneko. Koma kuti muone ngati ganizo ili likulumikizana ndi linzake, mpaka mumve mawuwo. Mzere 12 unapita ku kayendedwe ka maganizo. Ndinawafunsa kuti agona bwanji, iwo anayamba za injini ya bwato, n'kulumphira ku maliro a amalume awo, n'kufika pa mtengo wa usipa, chilichonse chosamaliza. Apa panafunika kusamala. Munthu wa matenda okondwa mopitirira muyeso nayenso amalumpha nkhani, koma amathamanga, mawu amakhala ambirimbiri, ndipo mukatchera khutu mumapeza kachingwe kolumikiza, kaya ndi mawu ofanana kamvekedwe kaya nthabwala. Bambowa sankathamanga. Ankataya nkhani panjira ngati munthu amene waiwala chimene amanena. Ndinalemba zomwezo ndi chitsanzo chake, osaika dzina lalikulu la m'buku.

Pa za mumtima pali mbali ziwiri, ndipo zonse zilembedwe. Yoyamba ndi mawu a wodwala mwini, osawasintha: "Mtima uli m'mwamba." Yachiwiri ndi zimene ine ndikuona: nkhope yamantha, maso otong'oka, kudzidzimuka chitseko chikagunda, ndipo manthawo akugwirizana ndi zimene akunena. Mbali yachiwiriyi sinali pa mzere uliwonse. Ndinaikumbukira chifukwa mutuwo unaifuna, ndipo n'chifukwa chake kusanja kuyenera kuchitika nthawi yomweyo, nkhope ya wodwala isanafufutike m'maso ndi odwala khumi otsatira.

Ufiti ndi anyamata a bwato

Pansi pa zomwe zili m'maganizo panabwera mizere iwiri, 4 ndi 11, ndipo yonse ikanatha kulembedwa ndi liwu limodzi loti dilushoni. Dilushoni ndi chikhulupiriro chimene munthu wachigwira zolimba, chosagwedezeka ngakhale mumuonetse umboni, komanso chosagwirizana ndi zimene anthu a kwawo ndi a chipembedzo chake amakhulupirira. Mbali yomalizayi ndi imene imatipulumutsa ku zolakwa zambiri kuno kwathu.

Nkhani ya kulodzedwa anaiyamba ndi achimwene awo, mayi anavomereza, wodwala anangogwedeza mutu. Panali mkangano weniweni wa ukonde umene unafika kwa amfumu. Munthu wamphamvu zake akadwala mwadzidzidzi pambuyo pa mkangano wotere, banja lililonse la m'mudzimo lingaganize zomwezo. Choncho ndinalemba kuti wodwala ndi abale ake onse amakhulupirira kuti matendawa ndi olodzedwa, ndi kuti sindikuchiwerenga ngati dilushoni. Izi sizitanthauza kuti nkhani ya ufiti singakhale dilushoni. Imakhala, ndipo chizindikiro chimene ndimadalira ndi abale omwe. Mukamva gadiyani amene amakhulupirira za ufiti akunena kuti "koma izi zokha ayi, adokotala, zanyanya," pamenepo imvetserani bwino.

Mzere 4 unali wina. Anyamata a bwato lija palibe amene ankawadziwa. Ndinasiya mawuwo m'Chichewa ngakhale m'fayilo, chifukwa "akundifuna" angatanthauze kuti akundisaka kuti andiphe, kapena akundiitana kuti tipite kukayala ukonde. Nditafunsa kuti akukufuniraninji, poyamba anati akufuna kuwamiza, patapita mphindi zochepa anati ndi apolisi, kenaka sanakumbukirenso zimene ndikufunsa. Ndinalemba kuti ali ndi maganizo oti akusakidwa, koma osakhazikika, osinthasintha, opanda nkhani yomangika. Munthu wa sikizofereniya, matenda okhalitsa a mtundu wa saikosisi, nthawi zambiri amakuuzani nkhani yomweyo lero ndi mawa, mayina ndi zifukwa zili m'malo. Kusakhazikika kumeneku ndinakulemba ngati chinthu chimene ndapeza, osati ngati kulephera kwanga kumvetsa.

Mutu womwewu uli ndi malo a maganizo ofuna kudzipha kapena kuvulaza ena. Papepala langa panalibe kanthu, chifukwa sindinafunse. Chiyeso chake n'kulemba kuti "palibe" poti wodwala sanatchule. Ndinalemba kuti "sindinafunse" n'kuika kanyenyezi.

Liwu loti kumva

Mzere 13 ndi umene ndimauonetsa ophunzira akabwera kudzaphunzira ntchito. "Ndikulimva." M'Chichewa timamva ndi khutu, timamva ndi khungu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso tanthauzo la nkhani. Wolemba mothamanga, pomasulira m'Chingerezi, amasandutsa "ndikulimva" kukhala kumva mawu a anthu osaoneka, ndipo fayilo yonse imapendekera ku sikizofereniya. Funso lathu lomwe, loti "mumamva mawu?", ndi lachabe mukalifunsa chomwecho. Aliyense amene si gonthi ayankha kuti eya. Ndimafunsa kuti, "Mukakhala nokhanokha, popanda munthu pafupi, wailesi yotseka, zimachitika kuti mumve wina akulankhula?"

Bambowa ankalimva linthumbulo pakhungu. Mzere 6 unachitira umboni: ankakutumula buluku ndi kupukuta m'miyendo. Kukutumulako kunakhala pa khalidwe, poti n'zimene ndinaona, ndipo zimene ananena kuti akuona ndi kumva zinabwera pano. Simenti inali yosesa, panalibe ngakhale kanyerere. Kuona chinthu pamene palibe chilichonse ndi halusineshoni, ndipo iyi inali ya maso ndi ya khungu. Mzere 20 ndi wosiyana. Chingwe chakuda cha makina a BP chinalipo ndithu patebulo, iwo anachiona ngati njoka. Uku ndi kuona molakwika chinthu chimene chilipo, monga zimatichitikira tonse madzulo panjira ya kudimba, kungoti kwa iwo kunali masana, m'chipinda chowala.

Nditalemba ziwirizi motsatana, cholembera ndinachiika pansi. Mu sikizofereniya chofala ndi kumva mawu. Tizilombo tating'ono tooneka ndi maso ndi kuyenda pakhungu, pamodzi ndi chingwe chosanduka njoka, zimaloza kwambiri ku ubongo umene ukuvutitsidwa ndi matenda a m'thupi kapena mankhwala.

Mutu wopanda cholembedwa

Wotsatira unali wa kutsitsimuka ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo: kodi ali maso bwinobwino, akudziwa nthawi, malo ndi anthu, akutha kutchera khutu, akukumbukira? Apa ndinalibe chimene ndinayeza. Mphindi 20 zonse ndinathera pa linthumbu ndi anyamata a bwato, chifukwa ndi zimene zinali zaphokoso.

Pamulu panatsala mizere iwiri yosowa kwawo, 10 ndi 16. Mzere 10 poyamba ndinauika pa khalidwe, ngati umboni wa kusamva kuja. Koma munthu amene mukumufunsa katatu, osati chifukwa wakana koma chifukwa funso lamuthawa lisanathe, vuto lake ndi kutchera khutu. Mzere 16 ndinaulemba ngati nthabwala, poti ndinavala malaya oyera otseka pakhosi. Nditauyang'ananso, ndinaona kuti mwina bambowa sankadziwa kuti ndine ndani, ndiponso kuti ali kuti. Ndipo mzere 19, umene ndinautumiza ku mbiri, unayamba kumveka mwina: usiku kufuula, m'mawa kumwa phala bwinobwino, 10 koloko kusokonekeranso. Kukwera ndi kutsika kotere tsiku limodzi, usiku kukhala koipitsitsa, ndi khalidwe la diliriyamu, kusokonekera kwadzidzidzi kobwera chifukwa thupi likudwala.

Ndinauza odikira kuti andipirire, n'kubwerera kwa wodwala.

"Bambo, pano tili pati?"

"Kutchalitchi." Anayang'ana denga, kenaka anati, "Kapena kupolisi."

Akazi awo anawazindikira, achimwene awonso. Deti sindinafunse, chifukwa anthu ambiri abwinobwino a kumudzi sasunga deti, ndipo kulephera kwake sikutiuza kanthu. Ndinafunsa ngati ndi m'mawa, masana kapena usiku. Anati kukuda, dzuwa lili phwee pawindo. Tsiku anati Lamulungu. Nyengo anaidziwa, anati ndi ya mwera.

Poyeza kutchera khutu, mabuku amati wodwala achotsere 7 pa 100 mobwerezabwereza. Kwa munthu amene sukulu analekezera sitandade 4, kumeneko n'kuyeza sukulu, osati matenda. Kutchula masiku a sabata chobwerera m'mbuyo kumagwira bwino, ngakhale kuti m'Chichewa n'kopepuka kuposa m'Chingerezi poti masiku ambiri ndi manambala kale: Lachisanu, Lachinayi, Lachitatu. Kupepukako kuli ndi ubwino wake, chifukwa amene walephera pamenepa ndiye kuti walepheradi. Bambowa anati Loweruka, Lachisanu, n'kuima, n'kuyamba kupukuta mwendo. Ndinayesanso ndi ndalama, zimene nsodzi aliyense amawerengera ali m'tulo. "Muli ndi K1,000, mwagula chinthu cha K200, yatsala zingati? Mwagulanso china cha K200?" Woyamba anakhoza, wachiwiri anayankha za injini. Mawu atatu oti awasunge, mbuzi, mpando ndi chimanga, anabwereza awiri okha nthawi yomweyo. Ndinalemba kuti kukumbukira sikunayezeke bwino, chifukwa chimene sichinalowe simunganene kuti chaiwalika.

Funso la kanyenyezi ndinalifunsa mwachindunji. Anati safuna kufa, akuthawa kuti asaphedwe, ndipo palibe amene akufuna kumuvulaza. Yankholo ndinalilemba, koma ndinawonjeza kuti lachokera kwa munthu wosokonekera, liyenera kufunsidwanso, ndi kuti ngozi yaikulu ndi yodzivulaza pothawa. Munthu amene usiku wathawira m'bango m'mbali mwa nyanja atha kumira popanda kufuna kudzipha.

Kenaka ndinapempha achimwene awo kuti akagule madzi akumwa, n'kutsala ndi mayi.

"Mayi, mowa uja wa pang'ono, ndi pang'ono bwanji?"

"Adokotala, pamaso pa alamu sindikanatha kunena. Ndi kachasu, tsiku lililonse, zaka zambiri. M'mawa akapanda kulawa, manja sagwira kapu."

"Anamaliza liti kumwa?"

"Lolemba madzulo. Mweraiwu sanapite kunyanja, ndalama inatha, ndipo kumene amamwa anawakaniza ngongole."

Kuchokera Lolemba madzulo kufika Lachinayi m'mawa ndi maola opitirira 60. Diliriyamu ya kusiya mowa mwadzidzidzi imayamba kawirikawiri pakati pa maola 48 ndi 72 chimwereni komaliza, ndipo ikapanda kuthandizidwa itha kupha.

Zimene zinalowa m'fayilo

Ndinalemba tsiku, nthawi ya 10:50 m'mawa, chinenero chimene tinalankhula, ndi amene analipo. Nthawi ndi yofunika pa wodwala amene akusintha ola ndi ola.

Maonekedwe ndi khalidwe: Bambo wooneka wa msinkhu wake, wochepa thupi. Malaya otembenuza, matope m'miyendo, thukuta lambiri, manja akunjenjemera. Anabwera atamangidwa ndi abale, anamasulidwa. Sakhazikika, wanyamuka pampando kanayi, wakankha dzanja la mbale wake kamodzi. Sanamenye kapena kuopseza munthu. Akusuzumira pansi pa benchi ndi kukutumula buluku. Sayang'ana wofunsa nthawi yaitali.

Kalankhulidwe: Mawu akusinthasintha, kunong'ona kenaka kufuula. Liwiro si lalikulu. Amadukiza pakati pa chiganizo.

Mumtima: Mwini wake akuti, "Mtima uli m'mwamba." Akuoneka wamantha, wodzidzimuka msanga, mogwirizana ndi zimene akunena.

Kayendedwe ka maganizo: Osalumikizana. Atafunsidwa za tulo, wanena za injini, maliro ndi mtengo wa usipa, osamaliza chilichonse.

Zomwe zili m'maganizo: Maganizo oti akusakidwa, "Akundifuna anyamata a bwato lija," osakhazikika, akusintha m'mphindi zochepa. Kukhulupirira kuti walodzedwa n'kwa banja lonse, sikukuwerengedwa ngati dilushoni. Akukana maganizo odzipha kapena ovulaza ena, afunsidwenso akatsitsimuka.

Zoona ndi kumva: Akuona linthumbu pamene palibe, akulimvanso pakhungu. Waona chingwe cha makina ngati njoka. Kumva mawu a anthu osaoneka akukana, koma yankho si lodalirika kwenikweni.

Kutsitsimuka ndi ubongo: Ali maso koma sakutsata bwino zomuzungulira. Sakudziwa malo, tsiku, kapena nthawi ya tsiku; nyengo akuidziwa. Abale akuwazindikira, wofunsa akumuyesa m'busa. Kutchera khutu kwaonongeka kwambiri: masiku a sabata chobwerera waima pa awiri. Kukumbukira sikunayezeke.

Kuzindikira matenda ndi kasankhidwe: "Sindikudwala, mungondichotsera zinthuzi." Sakuona kuti zimene akuonazo n'za matenda, koma akulola thandizo ndi kumwa mankhwala. Pakali pano sangathe kudziteteza ku ngozi.

Muona kuti liwu loti diliriyamu mulibemo, ngakhale mowa. Dzina la matenda limabwera pansi, m'gawo lomanga nkhani, pamene mbiri, MSE ndi kupima thupi zimakumana. Pomaliza paja ndinapewanso kungolemba kuti "sakuzindikira." Munthu atha kukana kuti akudwala koma n'kulola mankhwala, wina n'kuvomera kuti akudwala koma n'kukana chipatala poti akufuna kwa asing'anga. Namwino wa usiku afunika kudziwa kuti ali ndi uti.

Thupi ndi chithandizo

MSE ingakuuzeni kuti iyi ndi diliriyamu, koma singakuuzeni chimene yaibweretsa. Kuno kunyanja munthu wosokonekera mwadzidzidzi ndi wa malungo mpaka magazi atakana, ndipo chidakwa nachonso chimadwala malungo, chibayo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, kapena kukha magazi m'mutu chitagwa. Mtima unkagunda ka 118 pa mphindi, BP inali 156/96, kutentha 37.9. Shuga anali bwino, malungo sanapezeke, kachilombo ka HIV sikanapezeke, khosi linali lofewa, chifuwa choyera, m'mutu mopanda bala, maso akuyenda bwino mbali zonse ndiponso osachita chikasu.

Tinawagoneka kuwodi ya abambo, osati ngati wodwala misala koma ngati wodwala thupi, bedi la pafupi ndi anamwino, nyale yosazimitsa usiku, mayi ali pambali. Tinayamba dayazipamu, mankhwala okhazika thupi pansi, wa mamiligalamu 10 wakumwa, kumabwereza poona kunjenjemera, thukuta ndi kugunda kwa mtima mpaka atakhazikika koma akudzutsika, kenaka kumachepetsa tsiku ndi tsiku. Anamwino ankawerenga kapumidwe asanapereke wina. Thayamini, amene ndi vitamini B1, tinapereka tsiku loyamba lomwelo, tisanaike diripi ya shuga, pamodzi ndi madzi okwanira. Kolopromazini amene ndinkamuganizira uja sanaperekedwe. Amatsitsa BP, amachititsa kuti munthu akomoke ngati wa khunyu mosavuta, ndipo wosiya mowa ali kale pangozi ya kukomoka. Akanawagonetsa ndithu, wodi ikanakhala bata, ife n'kumati mankhwala agwira.

Usiku woyamba unali wovuta, wachiwiri anagona maola angapo.

Lolemba lotsatira

Ndinabwereza MSE pa mitu yomweyo, pepala la Lachinayi lili pambali. Anali atasamba, atakhala pabedi, manja akunjenjemera pang'ono pokha akawatambasula. Anandipatsa moni ngati dokotala, anatchula chipatala ndi tsiku, masiku a sabata chobwerera anamaliza onse, mawu atatu anawakumbukira patapita mphindi 5. Linthumbu linali litapita. Za anyamata a bwato anaseka mwamanyazi, anati akukumbukira zidutswazidutswa ngati maloto. Za kulodzedwa anali nazobe monga achimwene awo, ndipo ndinazisiya pomwe ndinaziika.

Mutu umene unasintha mosayembekezeka ndi wa mumtima. Mantha atachoka, anati, "Ndimaganiza kwambiri, adokotala," nkhope itagwa, akukamba za ngongole ya ukonde. Funso la kudzipha ndinalifunsanso monga ndinalonjeza m'fayilo. Anati chaka chatha ganizolo linawafikira kamodzi ataledzera, koma sanakonzepo njira, ndipo panopa alibe. Sindinathamangire kulemba kuti ndi matenda a kukhumudwa kapena kuyamba mankhwala ake, chifukwa kwa munthu amene wangosiya mowa mtima umakhala pansi masabata oyamba, ndipo nthawi zambiri umakwera wokha akapitiriza kusamwa. Ndinalemba mawu awo momwe anawanenera, tinakambirana ndi mayi zoyenera kuchita ganizolo likabweranso, ndinawachenjeza onse awiri kuti akadzayambiranso kumwa tsiku ndi tsiku asadzasiye mwadzidzidzi ali kunyumba, ndipo m'buku lawo la kuchipatala ndinaika tsiku lobweranso patatha masabata awiri.